Ndodo yotentha mu ayezi: mafunso ndi mayankho pa makoefishenti a Fourier

Wophunzira fizikisi kapena uinjiniya akafika pa mutu wa kayendedwe ka kutentha, amakumana ndi samu imene yankho lake limatuluka ngati mndandanda wautali wa masaini, ndipo kutsogolo kwa saini aliyense kumakhala nambala yosadziwika. Manambala amenewo ndiwo makoefishenti a Fourier. Kuti apezeke, munthu amayang'ana mmene chinthucho chinatenthera pachiyambi penipeni. M'mafunso otsatirawa titsata ndodo imodzi ya kopa, kuyambira pamene yangochoka pamoto mpaka itazizira.

Kodi vuto lenilenilo ndi lotani?

Tengani ndodo yowonda ya kopa, yotalika mita imodzi. Muiphike m'madzi owira mpaka yonse ifike madigiri 100. Mukaivuula, muikulunge m'mbali monse ndi chinthu chosalola kutentha kuthawa, musiye nsonga ziwiri zokha. Nsonga zimenezo muziike mu ayezi amene akusungunuka, kuti zikhale pa madigiri 0 nthawi zonse. Tsopano kutentha kulibe njira ina yotulukira: kuyenera kuyenda m'kati mwa ndodo mpaka kunsonga. Funso n'lakuti, pa malo ena alionse a ndodoyo, pa nthawi ina iliyonse, pakhala madigiri angati?

Malowo tiwatchula x, kuyambira 0 kunsonga ya kumanzere mpaka L kunsonga ya kumanja. Nthawi tiitchula t, ndipo madigiri tiwatchula u. Lamulo loyendetsa zonsezi ndi ili:

```
∂u/∂t = α ∂²u/∂x²
```

M'mawu wamba, malo amazizira kapena kutentha mogwirizana ndi mmene girafu ya madigiri yapindikira pamalopo. Pamene pali potentha kuposa malo oyandikana nawo pamazizira, pamene pali pozizira kuposa oyandikana nawo pamatenthedwa, ndipo pamene girafu ili yowongoka palibe chosintha. Chilembo cha α chikuimira liwiro limene kutentha kumafalikira m'chinthucho. Kwa kopa, α ndi pafupifupi 0.00011 m²/s. Chitsulo wamba chimachedwa kuposa pamenepo pafupifupi kakhumi.

Choncho tili ndi zinthu zitatu: lamulo, zimene zikuchitika kunsonga, ndi mmene ndodo inatenthera pa t = 0. Chachitatuchi timachilemba f(x), ndipo kwa ndodo yathu f(x) = 100 paliponse.

N'chifukwa chiyani yankho limabwera m'masaini?

Masainiwo amabwera chifukwa cha nsonga za ndodo. Poyamba timafufuza mayankho osavuta, amene maonekedwe ake sasintha koma amangophwa pang'onopang'ono. Yankho lotere limalembedwa ngati gawo lodalira malo okha, kuchulukitsa ndi gawo lodalira nthawi yokha. Mukaliika m'lamulo lija, mumapeza kuti gawo la malo liyenera kukhala saini kapena kosaini, ndipo gawo la nthawi liyenera kukhala nambala yomachepa.

Apa mpamene nsonga zimagamula. Pa x = 0 pakufunika madigiri 0, ndipo kosaini sayamba pa ziro, choncho amatuluka. Pa x = L pakufunikanso madigiri 0, choncho saini wotsalayo ayenera kuthera ndendende pa ziro. Masaini okhawo amene amakwanitsa zimenezi ndi sin(πx/L), sin(2πx/L), sin(3πx/L) ndi ena otsatira. Woyamba ali ndi linunda limodzi pakati pa ndodo. Wachiwiri ali ndi linunda kumanzere ndi chigwa kumanja. Wachitatu ali ndi malinunda awiri ndi chigwa pakati. Aliyense tizimutcha funde, ndipo funde la nambala n limaphwa motere:

```
sin(nπx/L) · exp(−α n²π² t / L²)
```

Onani n² ameneyo, chifukwa tidzamufuna kutsogolo. Funde lachitatu limaphwa mofulumira ka 9 kuposa loyamba, ndipo lachisanu ka 25. Chifukwa chake n'chomveka. M'funde la n, malo otentha ndi ozizira ali pafupi, choncho kutentha kumathamanga kwambiri ka n. Komanso linunda lililonse ndi lopyapyala, ndipo kutentha kumene lasunga n'kochepa ka n. Ziwirizi zikachulukitsana zimapereka n².

Nanga kutentha kwa pachiyambi kumalowa pati?

Funde lililonse palokha limamvera lamulo ndipo limamvera nsonga, koma palibe ngakhale limodzi lofanana ndi ndodo yathu, imene ili pa madigiri 100 kuyambira uku mpaka uko. Mwayi ndi wakuti lamulo la kutentha limalola kuphatikiza. Mukatenga mayankho awiri, lililonse n'kulichulukitsa ndi nambala imene mwafuna, kenako n'kuwaphatikiza, chotulukacho chimakhalanso yankho. Choncho yankho lonse limalembedwa chonchi:

```
u(x,t) = Σ b_n sin(nπx/L) exp(−α n²π² t / L²),   n = 1, 2, 3, ...
```

Tsopano ikani t = 0. Gawo lonse la nthawi limasanduka 1, ndipo chotsala n'chakuti:

```
f(x) = b_1 sin(πx/L) + b_2 sin(2πx/L) + b_3 sin(3πx/L) + ...
```

Ntchito yagawika bwino. Nsonga zasankha mtundu wa mafunde. Kopa ndi kutalika kwa ndodo zasankha liwiro limene funde lililonse liziphwera. Kutentha kwa pachiyambi kwatsala ndi ntchito imodzi yokha, yonena kuti funde lililonse lilowe lochuluka bwanji, ndipo manambala a b_n ndiwo amasunga zimenezo. Mukasintha mmene mwatenthetsera ndodo, mafunde sasintha, liwiro silisintha, asintha ndi makoefishenti okha. Mukasintha kopa n'kuikapo chitsulo, makoefishenti amakhala omwewo, lisintha ndi liwiro.

Joseph Fourier atapereka maganizo amenewa kwa akatswiri a ku Paris mu 1807, si onse anawalandira. Lagrange, mmodzi mwa oweruza ntchitoyo, sanakhutire kuti mafunde osalala angamange girafu ina iliyonse, ngakhale ya makona. Buku la Fourier la kayendedwe ka kutentha linatuluka mu 1822, ndipo mu 1829 Dirichlet anapereka umboni wosonyeza mitundu ya magirafu imene mndandandawu umafikiradi.

Osadziwika alipo osawerengeka. Timapeza bwanji mmodzi payekha?

Pali chinthu chimodzi chimene masainiwa ali nacho, ndipo njira yonse yatsamira pa icho. Mukachulukitsa mafunde awiri osiyana, malo ndi malo, kenako n'kuwonkhetsa zotsatirazo kuyambira nsonga ina mpaka inzake, mumapeza ziro. Kuwonkhetsa kotereku ndiko kumatchedwa intigiralo.

Onani pa funde loyamba ndi lachiwiri. Loyamba lili pamwamba pa ziro ponseponse, ndipo theka lake la kumanzere n'lofanana ndi la kumanja. Lachiwiri lili pamwamba kumanzere, pansi kumanja, mofanana ndendende. Mukazichulukitsa, zimene mwapeza kumanzere zimafafanizidwa ndi za kumanja. Mafunde ena amafafanizana mofananamo, ngakhale kuti si nthawi zonse pamene maso amaona msanga. Koma funde likachulukitsidwa ndi ilo lomwe silingafafanizike, popeza mayinasi kuchulukitsa ndi mayinasi amapereka pulasi. Avereji ya sin² ndi theka, choncho intigiralo yake pa ndodo yonse ndi L/2.

Zikatero, njira ndi iyi. Mukafuna b_3, chulukitsani mbali zonse ziwiri za ikweshoni ya f(x) ndi sin(3πx/L), kenako chitani intigiralo kuyambira 0 mpaka L. Zimagwira ntchito ngati sefa ya ufa: mafunde ena onse amatsala, n'kudutsa lachitatu lokha. Kudzanja lamanja kumatsala b_3 kuchulukitsa ndi L/2. Mukagawa, mumapeza fomula yogwira pa n aliyense:

```
b_n = (2/L) ∫ f(x) sin(nπx/L) dx,   x kuyambira 0 mpaka L
```

2/L ameneyo wachokera pa L/2 uja, si nambala yongoloweza. Ndipo koefishenti iliyonse imadziimira payokha. Mukapeza zisanu lero, mawa n'kufuna kuwonjezera zina, zisanu zija sizisintha.

Tiyeni tiwerengere ndodo yathu. Makoefishenti ake ndi ati?

Popeza f(x) = 100, intigiralo ndi ya saini yekha. Intigiralo ya sin(nπx/L) kuyambira 0 mpaka L ndi L/(nπ) kuchulukitsa ndi 1 − cos(nπ). Chilembo cha L chimafafanizika ndi cha mu 2/L, ndipo timatsala ndi:

```
b_n = (200 / nπ) · (1 − cos nπ)
```

Ngati n ndi 2, 4, 6 kapena nambala ina yogawika ndi 2, cos nπ ndi 1, choncho b_n ndi ziro. Ngati n ndi 1, 3, 5 ndi ena otero, cos nπ ndi −1, choncho b_n = 400/(nπ). Manambala ake ndi awa:

```
b_1 = 127.32
b_3 =  42.44
b_5 =  25.46
b_7 =  18.19
b_9 =  14.15
```

Kusowa kwa b_2, b_4 ndi anzawo sikodabwitsa. Mafunde amenewo amakweza mbali imodzi ya ndodo n'kutsitsa inayo, pamene ndodo yathu yatenthedwa mofanana mbali zonse. Ilibe nawo ntchito.

Tiyese pakati pa ndodo, pamene x = L/2. Pamenepo masaini a 1, 3, 5, 7, 9 amapereka 1, −1, 1, −1, 1. Funde loyamba lokha likunena madigiri 127.3. Tikachotsa lachitatu tikupeza 84.9. Tikawonjezera lachisanu tikufika 110.3, lachisanu ndi chiwiri likutitsitsira ku 92.2, ndipo lachisanu ndi chinayi likutikwezera ku 106.3. Yankho likulumpha uku ndi uku mozungulira 100, ndipo kulumphako kukuchepa, ngakhale kuti mochedwa. Ndi chizindikiro choyamba chakuti samu yayenda bwino.

Koma b_1 yaposa 100, ndipo kunsonga mndandanda ukupereka 0 pamene tinati ndi 100. Palibe cholakwika?

Palibe. Koefishenti si madigiri a pamalo ena alionse, ndi kukula kwa funde limodzi. Funde loyamba ndi lopyapyala kunsonga, choncho kuti liyandikire girafu ya fulati liyenera kupitirira pakati, ndipo lachitatu limabwera kudzadula pakatipo n'kudzaza m'mbali.

Za kunsonga zili ndi chiyambi chake m'vuto lenilenilo. Tinanena kuti ndodo yonse ili pa 100, tinanenanso kuti nsonga zili pa 0. Pa t = 0 mawu awiriwa akutsutsana, ndipo madigiri akudumpha kuchokera pa 0 kufika pa 100 popanda mtunda pakati. Saini aliyense ndi ziro kunsonga, choncho mndandanda umapereka 0 pa nsonga penipenipo ndi 100 m'kati monse.

Pafupi ndi kudumphako pamachitika chinthu china chimene chimasokoneza ambiri akajambula girafu pa kompyuta. Mukaphatikiza mafunde 5 amene tawerenga aja, girafu imakwera mpaka madigiri 118 pa masentimita 10 kuchokera kunsonga. Mukaphatikiza mafunde 50, kalinundako kamasendera pa sentimita imodzi kuchokera kunsonga, kamawonda, koma msinkhu wake umakhalabe pafupifupi 118. Zimenezi zimadziwika ndi dzina la Gibbs, amene anazifotokoza mu 1899, ngakhale kuti Wilbraham anali atazilemba kale mu 1848. Kupitirirako kumakhala pafupifupi 9 peresenti ya kudumpha. Wina angafunse kuti 9 peresenti ya 100 ikukhala bwanji 18. Yankho n'lakuti mndandanda wa masaini sumathera pa nsonga: kuseri kwa x = 0 umapitiriza girafu yomweyo mozondoka, pa −100. Kudumpha kumene ukuona ndi kwa 200, ndipo 9 peresenti yake ndi 18.

Ndodo yeniyeni sifika madigiri 118. Kalinundako kamangidwa ndi mafunde a n wamkulu, ndipo nthawi ikangoyamba kuyenda amenewo ndiwo amayamba kuzimirira.

Ndiye pamafunika mafunde angati kuti yankho likhale lodalirika?

Zimadalira nthawi imene mukufunsa. Choyamba werengerani nthawi ya ndodoyo, imene tiitcha τ:

```
τ = L² / (α π²) = 1 / (0.00011 × 9.87) ≈ 920 s
```

Amenewo ndi pafupifupi mphindi 15. Funde la n limachulukitsidwa ndi exp(−n² t/τ).

Patadutsa masekondi 92, amene ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a τ, pakati pa ndodo funde loyamba latsika kufika 115.20, lachitatu 17.26, lachisanu 2.09, lachisanu ndi chiwiri 0.14. Tikaphatikiza ndi zizindikiro zake, 115.20 − 17.26 + 2.09 − 0.14, tikupeza madigiri 99.9. Mndandanda umene pa t = 0 unkalumpha ndi madigiri 6 titagwiritsa ntchito mafunde 5, tsopano wakhazikika ndi mafunde 4 okha. Yankho lakenso n'lomveka: pa mphindi imodzi ndi theka, kuzizira kwa kunsonga kwangoyamba kumene kufika pakati.

Patadutsa masekondi 920, funde loyamba latsala 46.8, pamene lachitatu latsala 0.005. Kuyambira pamenepo ndodo yonse ndi linunda limodzi la saini. N'chifukwa chake mafunso ambiri a nthawi yaitali amayankhidwa ndi b_1 yokha. Mukafuna kudziwa nthawi imene pakati pafike madigiri 50, lembani 127.32 · exp(−t/920) = 50, ndipo mupeza t ≈ 860 s, kupitirira pang'ono mphindi 14. Kufika madigiri 10 kumatenga pafupifupi mphindi 39. Munthu amene angaike 100 m'malo mwa 127.32 angapeze masekondi 638 pa funso loyambalo, n'kuphonya ndi mphindi pafupifupi zinayi.

Maonekedwe a f(x) nawonso amathandiza kudziwiratu. Tiyerekeze kuti ndodo inayamba pa 0 kunsonga, n'kukwera mowongoka mpaka 100 pakati, ngati denga la nyumba. Makoefishenti ake ndi 800/(n²π²) pa n wosagawika ndi 2, zizindikiro zikusinthana: 81.06, −9.01, 3.24, −1.65. Akuchepa ngati 1/n², osati 1/n, chifukwa girafuyi ilibe kudumpha, ili ndi kona chabe, ndipo ikugwirizana ndi nsonga. Girafu ikakhala yosalala kwambiri, makoefishenti amachepa msanga, ndipo mafunde ochepa amakwanira.

Nanga nsonga zikakhala kuti sizili pa ziro?

Apa mpamene ambiri amapunthwa. Tinene kuti ndodo yomweyo yayamba pa 100, koma nsonga ya kumanzere yagwiridwa pa madigiri 20 ndipo ya kumanja pa 80. Mukaika f(x) = 100 mu fomula ija, mupeza yankho lonena kuti ndodo idzathera pa 0, zimene sizingachitike. Masaini onse ndi ziro kunsonga ndipo onse amaphwa, choncho sangathe kunyamula 20 ndi 80.

Njira ndi kuyamba mwafunsa kuti ndodoyo idzathera pati. Pakapita nthawi yaitali madigiri amasiya kusintha, ndipo girafu imakhala mzere wowongoka wochoka pa 20 kufika pa 80, ndiye kuti v(x) = 20 + 60x/L. Mbali imene imaphwa ndi kusiyana kwa f ndi v, ndipo imeneyo ndiyo ili ndi ziro kunsonga zonse ziwiri nthawi ikayamba kuyenda. Choncho mu fomula mumaika f(x) − v(x) = 80 − 60x/L, ndipo mumapeza:

```
b_n = (2 / nπ) · (80 − 20 cos nπ)
b_1 = 63.66,   b_2 = 19.10,   b_3 = 21.22
```

Tsopano b_2 yabwera, chifukwa mbali ziwiri za ndodo sizikufanananso: kumanzere kuli kutentha kochuluka koti kuchoke kuposa kumanja. Mukamaliza, musaiwale kubwezera v(x) pa mndandandawo.

Bwanji ngati nsonga nazonso zakulungidwa, kutentha osatuluka konse?

Pamenepo mtundu wa mafunde umasintha. Nsonga yokulungidwa sinena madigiri ake, imangonena kuti kutentha sikudutsa, ndiye kuti girafu iyenera kufika pansongapo ili fulati. Amene amatero ndi makosaini, cos(nπx/L), ndipo pamabweranso nambala ina yosasintha, ya n = 0.

```
a_0 = (1/L) ∫ f(x) dx
a_n = (2/L) ∫ f(x) cos(nπx/L) dx
```

Onani kuti a_0 ili ndi 1/L, osati 2/L. Intigiralo ya 1 kuchulukitsa ndi 1 pa ndodo yonse ndi L, osati L/2. Mabuku ena amagwiritsa ntchito 2/L kwa onse n'kulemba a_0/2 mu mndandanda. Njira ziwirizi n'zofanana, koma kuzisakaniza kumapereka yankho lowirikiza kawiri kapena la theka.

Tiyese ndi ndodo imene theka lake la kumanzere lili pa 100 ndipo la kumanja pa 0. Apa a_0 = 50, a_1 = 63.66, a_2 = 0, a_3 = −21.22. Makosaini onse amaphwa ndi liwiro lomwe lija, koma a_0 ilibe chophwetsa. Ndodo imathera pa madigiri 50 ponseponse, imene ndi avereji ya pachiyambi, monga mmene munthu angayembekezere kutentha kukakhala kulibe kothawira.

Mu labotale mulibe fomula ya f(x), muli manambala oyezedwa. Pamenepo timatani?

Intigiralo imasanduka kuwonkhetsa wamba. Tinene kuti mwaika zoyezera kutentha 9 pa ndodo ya mita imodzi, chimodzi pa masentimita 10 alionse. Madigiri a pa choyezera cha nambala k tiwatcha f_k. Ndiye:

```
b_n ≈ (2/10) Σ f_k sin(nπk/10),   k = 1, ..., 9
```

Ndi bwino kuyesa njirayi pa ndodo imene yankho lake tikulidziwa kale. Zoyezera zonse zikawerenga 100, b_1 imatuluka 126.3, pafupi kwambiri ndi 127.3. Koma b_3 imatuluka 39.3 m'malo mwa 42.4, ndipo b_9 imatuluka 3.2 m'malo mwa 14.1. Funde likamafupika, zoyezera zimalephera kuliona bwino. Funde la 10 limadutsa pa ziro pa choyezera chilichonse, choncho silioneka konse, ndipo la 11 pa malo amenewo limaoneka ngati la 9 lozondoka. Manambala 9 sangakupatseni makoefishenti oposa 9, ndipo omaliza mwa amenewo ndi osadalirika.

Ngati cholinga ndi kulosera za kutsogolo, vutoli si lalikulu, chifukwa makoefishenti olakwika kwambiri ndi omwe amaphwa msanga. Koma mukafuna kubwerera m'mbuyo, kuyeza ndodo lero kuti mudziwe mmene inayambira, zinthu zimatembenuka. Koefishenti iliyonse iyenera kuchulukitsidwa ndi exp(n² t/τ). Patadutsa masekondi 920, ya funde lachisanu imachulukitsidwa ndi exp(25), nambala yoposa mabiliyoni 70. Choyezera chikaphonya ndi kagawo kakang'ono ka digiri, yankho limatuluka la madigiri mamiliyoni. Ndodo ziwiri zoyamba mosiyana kwambiri zingathe kufanana pakapita kotala ya ola, bola b_1 ndi b_2 zawo zikhale zofanana, ndipo choyezera wamba sichingazisiyanitse.

Ndingadziwe bwanji kuti makoefishenti anga ndi olakwika?

Yambani ndi t = 0. Sankhani malo amodzi m'kati mwa ndodo, kutali ndi kudumpha kulikonse, n'kuphatikiza mafunde anayi kapena asanu. Ngati zotsatira zikuzungulira 50 pamene mumayembekezera 100, mwaiwala 2 wa mu 2/L. Ngati zikuzungulira 200, mwina mwatenga fomula ya −L mpaka L n'kuisakaniza ndi ya 0 mpaka L. Ngati manambala akutuluka aang'ono modabwitsa, onani kakyuleta: ikakhala pa `DEG` m'malo mwa `RAD`, sin(π/2) imapereka 0.027 m'malo mwa 1.

Chachiwiri, yang'anani nthawi yaitali. Yankho liyenera kuthera pa ziro ngati nsonga zili pa ziro, pa mzere wowongoka ngati zili pa madigiri osiyana, ndi pa avereji ngati zakulungidwa. Likathera kwina, mwasankha mafunde olakwika kapena simunachotse v(x). Chachitatu, yerekezerani makoefishenti ndi maonekedwe a f(x). Ngati mbali ziwiri za ndodo zikufanana koma b_2 si ziro, cholakwika chili mu intigiralo, kawirikawiri pa chizindikiro cha cos nπ. Ngati f(x) ili ndi kudumpha koma makoefishenti akuchepa ngati 1/n², kapena akukula n akamakula, bwererani pa samuyo.

Pali muyeso wina wogwira makoefishenti onse nthawi imodzi, wodziwika ndi dzina la Parseval. Mukachulukitsa b_n iliyonse ndi iyo yomwe n'kuwonkhetsa zonse, muyenera kuyandikira (2/L) ∫ f² dx. Kwa ndodo ya madigiri 100, nambala imeneyi ndi 20,000. Funde loyamba limapereka 16,211, awiri oyamba 18,012, atatu 18,661, anayi 18,992. Chiwonkhetsocho chiyenera kukwera nthawi zonse, koma sichiyenera kupitirira 20,000. Chikapitirira, koefishenti ina yakula mopitirira muyeso.

Zonsezi zikagwirizana koma zoyezera zikunenabe zina, makoefishenti alibe mlandu, vuto lili pa zimene tinavomereza pachiyambi. Ngati ndodo ikutaya kutentha m'mbali, imazizira mofulumira kuposa mmene τ ikunenera. Ngati madzi a ayezi ozungulira nsonga sakutakasidwa, amafunda pafupi ndi kopayo, nsonga sizikhala pa 0, ndipo ndodo imachedwa kuzizira. Njira yoonera ndi kujambula logarithimu ya madigiri a pakati motsutsana ndi nthawi. Pakadutsa pafupifupi theka la τ payenera kutuluka mzere wowongoka, kutsetsereka kwake kuyenera kukhala −1/τ, ndipo mukautalikitsa kubwerera pa t = 0 uyenera kugwera pa b_1, amene kwa ndodo yathu ndi 127, osati 100.